Kutsika kwa mapointi 3 sikukwanira kunena kuti mwana wachira

Ngati mapointi a mwana atsika pa fomu yoyezera vuto lake imene makolo amadzaza, funsani kaye ngati kutsikako kwaposa kulakwitsa kwa fomu yoyezerayo. Jacobson ndi Truax mu 1991 anapereka njira: `RCI = (x2 − x1) / Sdiff`, pomwe `Sdiff = √2 × SD × √(1 − r)`. `RCI` ndi nambala yosonyeza ngati kusinthako n'kodalirika, `x1` ndi mapointi oyamba, `x2` ndi omaliza. Tiyerekeze kuti `SD`, muyeso wa mmene mapointi a ana amasiyanirana, ndi 6 ndipo kudalirika kwa fomu, `r`, ndi 0.80. `Sdiff` ikhala pafupifupi 3.8. Kuti kutsikako kukhale kodalirika, `RCI` iyenera kutsika kupyola −1.96, choncho mapointi a mwana ayenera kutsika ndi 8. Kuchoka pa 20 kufika pa 17 kungakhale kugwedezeka chabe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusintha woyankha. Ngati mayi anadzaza fomu poyamba, bambo n'kudzaza kumapeto, mwayeza maso a anthu awiri. Woyankha akhale yemweyo, fomunso yomweyo.