Anyamata, mantha ndiwo akukugwetsani mu mpapaya

Anyamata inu, tamverani kuno. Mwalephera kuchipinda tsiku limodzi lokha, m'mawa mwake mwathamangira kale kukagula mapiritsi a mphamvu zachimuna kwa munthu amene sanakuyezeni n'komwe. Khalidwe limeneli likundimvetsa chisoni, ndipo mulisiye.

Kuti chida cha mwamuna chidzuke, mitsempha yake imayenera kumasuka, magazi alowe ambiri n'kutsekeredwa momwemo. Zimenezi zimatheka mtima ukakhala m'malo. Mantha akakugwirani, thupi limatulutsa adirenalini, amene amafinya mitsempha ija n'kukankhira magazi ku minofu ya miyendo ndi mikono ngati mukuthawa chilombo. Thupi silisiyanitsa kuopa chilombo ndi kuopa manyazi.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24, wopanda nthenda iliyonse. Usiku wina anali atatopa komanso atamwa mowa, zinthu n'kukanika. Palibe chachilendo pamenepo, zimagwera mwamuna aliyense. Koma ulendo wotsatira akulowa m'chipinda ndi funso m'mutu: "Kodi lero zitheka?" Maganizo achoka pa mnzakeyo, ali kalikiliki kudzilondera yekha. Mtima ukugunda, m'manja thukuta. Chida chadzuka pang'ono, koma akamati avale kondomu chagwa. Kulephera kwachiwiriku wakubweretsa ndi mantha a koyamba kuja, ndipo kachitatu manthawo amakhala atakula.

Mudziwa bwanji kuti ndi mantha? Ngati m'mamawa podzuka chida chimalimba, ngati muli nokha chimalimba, ndipo vutolo linayamba mwadzidzidzi, ndiye kuti mitsempha ikugwira ntchito. Koma ngati mphamvu zakhala zikuchepa pang'onopang'ono, m'mamawa muli zii, kapena miyezi itatu yatha zisakusintha, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Musabise mankhwala ena amene mukumwa, poti ena mwa iwo amafoola.

Nanga inu mukuchita chiyani? Ena mukumwa mowa kuti mulimbe mtima, chonsecho mowa wambiri ndiwo umagonetsa chida. Ena mukuvula kondomu poopa kugwa. Mwana wanga, ukuika moyo wako ndi wa mnzako pachiswe chifukwa cha manyazi a mphindi zochepa! Mapiritsi a Viagra nawo si maswiti. Akakumana ndi mankhwala a mtima otchedwa manaitireti, kuthamanga kwa magazi kumatsika moopsa. Ndipo chida chikalimba kupitirira maola anayi osagwa, thamangirani kuchipatala chisanawonongeke.

Muuzeni mnzanuyo zoona, poti mukakhala chete iye amaganiza kuti mwasiya kumufuna. Gwirizanani kuti kwa masiku angapo muzingogwirana ndi kusisitana, osagonana, ngakhale chida chitadzuka. Pakakhala palibe mayeso oti mukhoze, adirenalini sabwera, ndipo kawirikawiri thupi limayambanso lokha. Zikakanikabe, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi, ndipo ngati n'kotheka mupite awiri.