Chenjezo kwa okonza mafunso a maphunziro a chitetezo pantchito

Inu amene mwapatsidwa udindo wokonza mafunso pamapeto pa maphunziro a chitetezo, tamverani. Mchitidwe wokopera ziganizo za pa masilaidi a mphunzitsi n'kungoikako chizindikiro cha funso uleke, chifukwa munthu amene mukumukhozetsa lero ndi yemweyo amene adzathamangire chozimitsira moto tsiku la ngozi.

Tiyerekeze kuti silaidi ikunena kuti chozimitsira cha mpweya wa CO2 ndicho choyenera pa moto wa magetsi. Wosasamala amalemba kuti, "Kodi CO2 imazimitsa moto wa magetsi? Inde kapena ayi." Funso lotere ngakhale amene ankasinza m'kalasi angalikhoze mongolota, pakuti mayankho alipo awiri okha. Funso loyenera limamuika munthu pamalo pake pa ntchito: bokosi la magetsi layaka mu wekishopu, magetsi sanathimitsidwe, ndipo pakhoma pali chozimitsira cha madzi, cha thovu ndi cha CO2, atenge chiti? Mayankho olakwikawo akhale zinthu zimene wantchito wosokonezeka angatengedi, ndipo yankho lolondola lisakhale lalitali kuposa anzake nthawi zonse, chifukwa anthu sachedwa kuzindikira chizolowezi chimenecho.

Koma kusasamala kumene kumandiwawa kwambiri kuli pa pepala la mayankho. Ena amangolemba 1 B, 2 A, 3 C, kenaka n'kuwonjezera funso latsopano pa nambala 4 osakonzanso pepalalo. Kuyambira pamenepo mayankho onse asuntha, ndipo wochonga, amene mwina sadziwa kanthu za moto, amapereka malikisi kwa amene wasankha madzi n'kulepheretsa amene wasankha bwino. Mukaona kuti antchito odziwa bwino ntchito yawo alephera mafunso ofanana, otsatizana, musathamangire kuwadzudzula; yambani mwaunika pepala lanu.

Pa yankho lililonse lembani mawu ake onse, chifukwa chake, ndi nambala ya silaidi imene lachokera. Pa funso lathuli mulembe kuti yankho ndi CO2, popeza madzi amadutsitsa magetsi ndipo thovu nalo lili ndi madzi, kotero wozimitsayo akhoza kugwidwa ndi magetsi. Mukatero, mupatseni mnzanu amene sanakonze nawo mafunsowo kuti awayankhe ali ndi masilaidi okha. Paliponse pamene wasiyana nanu, mwina funso silikumveka, mwina pepala lanu lalakwika, mwinanso silaidiyo ndi yakale ndipo ikutchula malo osonkhanirana pakagwa ngozi amene anasinthidwa.

Musadalirenso chiwerengero cha malikisi chokha. Munthu akhoza kupeza 18 pa 20 n'kukhala kuti awiri amene walepherawo ndi a moto wa magetsi ndi wa mafuta ophikira, umene ukathiridwa madzi umalilima n'kumwazika. Mafunso otere muwaikire chizindikiro pa pepala la mayankho, ndipo aliyense wolephera limodzi mwa iwo aphunzitsidwenso, chozimitsira chili m'manja, asanabwerere pa ntchito.