Mutu wa buku uzinena zoona kawiri

Mnzanga wina ananditumizira buku lake la nthano yaitali lomwe wakhala akulemba kwa zaka zitatu, kuti ndiliwerenge asanapite nalo kwa osindikiza. Nditangotsegula tsamba loyamba ndinaona mutu wake: "Bodza la Amayi". Ndinamuimbira foni ndisanawerenge ndi chiganizo chimodzi chomwe. Ndinati, achimwene, mwandiuza kale amene wanama, nanga masamba 240 enawa ndiwerengerenji?

Iye wandilola kuti ndikufotokozereni nkhaniyo. Mtsikana akuleredwa ndi mayi ake okha. Bambo anachoka iye ali ndi zaka zinayi, koma mwezi uliwonse kumabwera kalata yochokera kwa iwo, yomulimbikitsa pa sukulu, yomufunsa ngati dzino lija linaguluka. Mtsikana akukula akukonda bambo wa m'makalata, kwinaku akunyoza mayi amene amamukalipira tsiku ndi tsiku. M'chaputala chomaliza, mayi atamwalira, akupeza m'sutikesi kope lodzaza ndi makalata oyeserera, ofufutafufuta. Bambo sanalembepo ngakhale imodzi. Ankalemba ndi mayi, ndi dzanja lamanzere kuti mwana asazindikire.

Ndiye taganizani munthu amene waona "Bodza la Amayi" pachikuto. Kalata yoyamba ikangofika m'chaputala chachiwiri, iye wadziwa kale. Zotsalazo akungodikira kuti mtsikanayu adzatulukira liti zomwe iye anaziona ali m'sitolo ya mabuku.

Ine ndimati mutu wabwino ndi umene ukunena zoona kawiri. Unene zoona pamene munthu sanawerenge, ndipo akatseka buku n'kuyang'ananso chikuto, unenenso zoona zina zomwe poyamba sakanaziona. Mutu ukhoza kuloza bala lomwe nkhani ikukanda, koma usanene kuti balalo lapola kapena lapha.

Tinakhala madzulo onse tikuyesa mitu. Iye anayamba ndi "Chikondi ndi Chinyengo". Uwu suulula kanthu, ndi zoona, koma chifukwa chake n'chakuti sunenanso kanthu. Mungaumate pa mabuku zana ndipo onse ungawakwane. Anthu ambiri akauzidwa kuti mutu wawo ukuulula mathero amathawira kumeneku, ku mawu akuluakulu ngati chikondi, moyo, tsoka, chiyembekezo, ndipo buku limasowa nkhope.

Kenako anati "Makalata a Bambo". Apa tinakangana kwa nthawi ndithu, chifukwa poyamba unandikoka. Ukubisa bwino, ukutchula chinthu chogwirika chomwe chili pamtima pa nkhani. Koma ukunama. Mtsikana wa m'nkhani ali ndi ufulu wokhulupirira kuti makalata ndi a bambo, mayi alinso ndi ufulu womunamiza. Mutu koma si mawu a mtsikana kapena a mayi, ndi mawu a mlembi, ndipo mlembi akanena yekha pachikuto kuti makalatawa ndi a bambo pomwe akudziwa kuti si awo, wowerenga akafika kumapeto amamva kuti amubera. Kubisa ndi kunama n'zosiyana. Wowerenga amakhululuka ukamubisira, amasangalala nazo kumene, koma ukamunamiza ndi pakamwa pako amakusungira mangawa.

"Dzanja Lamanzere" unali pafupi. Vuto lake linali lakuti m'chaputala chachisanu muli malo pomwe mtsikana akuona inki pa chala cha kumanzere cha mayi ake. Popanda mutuwo, kachidutswa kameneko kamadutsa mwakachetechete, munthu n'kudzakakumbukira pamapeto. Ndi mutuwo, wowerenga amasaka dzanja lamanzere tsamba lililonse, ndipo akalipeza nkhani yatha. Mutu uli ngati tochi: chilichonse chomwe watchula chimawala m'buku monse. Musatchule chinthu chomwe mukufuna kuti wowerenga achione mochedwa.

Umene tinagwirizana unali m'bukumo kale. Kalata iliyonse imatha ndi mawu awiri okha, popanda dzina: "Ndine wokukonda." Munthu akaona pachikuto aganiza kuti ndi bambo akulankhula kwa mwana, kapenanso nkhani ya chibwenzi, ndipo sanalakwe kwenikweni. Akamaliza, mawu omwewo asanduka a mayi amene sanathe kuwanena ndi pakamwa. Palibe bodza, palibe chaululidwa, ndipo funso la buku lonse lili momwemo: kodi wokukondayo ndani? Mnzanga anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndawalemba ka 31 mawu amenewa osawaona."

Pali mawu ena omwe ndikawaona pamutu ndimayamba kukayika. "Imfa ya", "kubwerera kwa", "kugwa kwa", "womaliza", "chinsinsi cha". Onsewa amanena chochitika, ndipo kawirikawiri chochitikacho chimakhala cha kumapeto. Mneni wonena zomwe zachitika kale ndiye woopsa kwambiri: "Anabwerera" watseka nkhani, pomwe "Podikira" waisiya yotsegula.

Miyambi nayo ndimaiopa, ngakhale ndikudziwa kuti apa ena mundinena. Mwambi umakoma pachikuto, koma mwambi ndi chigamulo. Mukalemba nkhani ya mwamuna wa zibwenzi ziwiri n'kuitcha "Mapanga Awiri", aliyense amalizitsa yekha mumtima kuti avumbwitsa. Mwadula mwambi pakati poganiza kuti mwabisa, koma theka linalo wowerenga anabadwa nalo. Ndimaulola pokhapokha ngati nkhani ikutsutsana ndi mwambiwo, mwamunayo osavumbwa, wovumbwa n'kukhala wina.

Wina anganene kuti alipo mabuku otchuka omwe amaulula mathero dala. Alipodi. Mlembi wa ku Colombia, Gabriel García Márquez, anatulutsa buku lalifupi mu 1981 lomwe mutu wake umanena za imfa yolengezedweratu, ndipo chiganizo choyamba chimakuuzani kuti munthuyo aphedwa tsiku lomwelo. Koma onani chomwe chimakukokani kuti muwerengebe: anthu ambiri m'tauniyo ankadziwa, nanga bwanji palibe anamupulumutsa? Mutu waulula chochitika chifukwa funso la buku lili pena. Choncho musanasankhe mutu, dzifunseni kuti wowerenga wanu akutembenuza tsamba pofuna kudziwa chiyani. Ngati akufuna kudziwa "zinatheka bwanji", mathero mukhoza kuwapereka. Ngati akufuna kudziwa "ndani" kapena "zitha bwanji", monga m'buku la mnzangali, mutu usayandikire yankho.

Pa buku la nkhani zazifupi vuto limakula, poti mutu umodzi ukuphimba nkhani khumi kapena kuposa. Mukalitcha "Osabwerera", mwaulula mathero a nkhani zonse nthawi imodzi, ndipo pofika yachitatu munthu akungowerengera amene atsatire. Chizolowezi chotenga mutu wa nkhani imodzi n'kuupatsa buku lonse chilibe vuto, bola mudziwe kuti anthu ambiri adzayambira nkhani imeneyo ndipo adzaitenga ngati kiyi wa zinzake. Musasankhe chifukwa ndi imene mumaikonda. Sankhani imene mutu wake ukhoza kukhala pamwamba pa nkhani ina iliyonse m'bukumo osaoneka mlendo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pezani anthu atatu omwe sanawerenge bukulo, apatseni mutu ndi chaputala choyamba chokha, muwafunse mafunso awiri: nkhaniyi ikukamba za chiyani, ndipo itha bwanji? Mukufuna kuti funso loyamba alikhoze, lachiwiri alilephere, aliyense m'njira yake. Tinayesa ndi mitu iwiri kwa anthu osiyana. Pa "Bodza la Amayi", awiri mwa atatu anatchula za makalata nthawi yomweyo. Pa "Ndine Wokukonda", onse anati ndi nkhani ya mwana wosowa chikondi cha kholo. Wina anati bambo abwerera, wina anati anamwalira kalekale, wachitatu anapempha chaputala chachiwiri.