Inu a magolosale, lekani kusaina musanawerenge

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikunena ndi inu a magolosale kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula, amene lole ya katundu ikafika mumangolandira cholembera, kusaina, basi mwabwerera pamthunzi. Inde kuchigwa kuno kumatentha, ifenso takulira momwemu, koma kodi dzuwa limaletsa munthu kuwerenga mabelo?

Mphwanga wina, dzina ndisunga, amaoda shuga pangongole kuholoselo ina ku Limbe. Tsikulo anamutsitsira mabelo 12. Kalaliki wa kumeneko, mwina m'changu, anatembenuza manambala pa invoyisi, n'kulemba 21. Mwini golosale ali kalikiliki ndi makasitomala a kutha kwa mwezi, anangosaina kuti walandira. Pepala lake analibaya pamsomali, mawa lake mwana anakulungira sopo.

Patapita masabata atatu, foni: ngongole yanu ndi K1,260,000. Belo linali pa K60,000, ndiye katundu amene analowadi m'sitolomo anali wa K720,000. Ndalama zokwana K540,000 ankamufunsa za shuga amene sanamuonepo ndi maso.

Chondiwawa ine n'chakuti iye sanadziwe n'komwe kuti invoyisi ndiyo yalakwa. Analibe kope la katundu. Akanakhala nalo, bwenzi atatenga mabelo amene analipo kale, kuonjeza amene abwera, kuchotsa amene wagulitsa, n'kuona ngati zikugwirizana ndi otsala pashelefu. Iye zonse zinali m'mutu, ati "ine sindiiwala." Ataona kuti mabelo 9 sakuoneka, anagwira mwana wa mchemwali wake, amene ankamuthandiza kugulitsa, n'kumutcha wakuba pamaso pa anthu. Mnyamatayo ananyamula chikwama chake, ulendo kumudzi akulira.

Anapulumukira kope la eni ake omwewo. A kuholoselo powerenga katundu wawo pakutha pa mwezi anapeza mabelo 9 oonjezera, ndipo pepala la wopakira lole linkati 12. Anamulembera chikalata chochotsera ngongoleyo. Nanga akanakhala anthu osaopa Mulungu? Saini yake inali pomwepo, akanakana bwanji?

Tsono tamverani, ana inu. Lole isachoke musanagwire belo lililonse ndi dzanja, dalaivala akuona. Ngati zasiyana ndi pepala, lembani nambala yeniyeniyo papepala lomwelo, lanu ndi lake, nonse musaine. Akayamba kuliza hutala, musiyeni alize. Ndipo timalisiti ta makina tija musatidalire: ndi kutentha kwathuku, pansi pa malata, inki yake imazimiririka mpaka kutsala pepala loyera. Koperani tsiku, nambala ya invoyisi, kuchuluka kwa katundu ndi mtengo m'kope tsiku lomwelo, kapena jambulani ndi foni.

Mphwanga uja kope anagula, lachikuto cholimba, ndipo amalimangirira ndi chingwe pakauntala. Kumudzi anapitako kawiri kukapepesa, ulendo wachiwiri atatenga ankhoswe. Mchemwali wake mpaka lero sopo amakagula kugolosale ya tsidya la msewu.