Musanataye simu khadi, yang'anani kaye rauta yanu

Ine ndimaona kuti ambirife kuno ku Lusaka timafulumira kudzudzula kampani ya netiweki pomwe vuto lili pa rauta, kabokosi ka waifai kam'nyumba mwathu momwe. Rauta ili ndi pulogalamu yake yam'kati, fimuweya, ndipo ambiri chigulireni sitinaikepo yatsopano.

Chizindikiro chake n'chosasowa. Mukazimitsa rauta n'kuyatsanso, intaneti imathamanga bwinobwino, koma pakapita masiku angapo yayambanso kukwawa, mafoni akungoduka pa waifai. Memori ya rauta ndi yochepa, ndipo fimuweya ina yakale ili ndi cholakwika chakuti ikagwiritsa ntchito memoriyo siibweza yonse. Imadzaza pang'onopang'ono mpaka rauta kulephera kutumikira aliyense. Kuzimitsa kumangopukuta memori, cholakwikacho chimatsala. Kunotu kuzimazima kwa magetsi kumabisa vutoli, chifukwa rauta imayambiranso yokha. Limaonekera bwino mukaiika pa invata n'kumayaka usana ndi usiku.

Ndi zomwe zinachitika ku saluni ya alamu anga ku Kabwata. Tili pafupi ndi rauta, tinalemba izi mu `Command Prompt` pa laputopu ya Windows, kuti tione ngati rautayo ikuyankha:

```
ping 192.168.0.1 -t
```

Nambalayi ndi adiresi ya rautayo, ina imakhala 192.168.1.1. Inkayankha, kenaka `Request timed out`, n'kuyankhanso. Rauta ikamalephera kuyankha laputopu yomwe ili nayo chipinda chimodzi, kampani ilibe mlandu. Ikanakhala kuti ikuyankha mosadukiza koma intaneti ili yochedwabe, fimuweya sikanathandiza kwenikweni.

Poika yatsopano m'pamene ndikupempha kuti musamale. Tembenuzani rauta, muwerenge kapepala kapansi. Pali dzina la mtundu wake, komanso kanambala konga `V2` kapena `V3`. Marauta awiri a dzina limodzi akhoza kusiyana zam'kati, ndiye fayilo ya `V3` musaiike mu `V2`. Itengeni pa webusaiti ya opanga rautayo basi, osati yomwe wina watumiza pagulu.

Lumikizani laputopu ndi chingwe, osati waifai. Lowani pa adiresi ya rauta ija poilemba mu bulawuza, sungani kaye zonse pa `Backup`, kenaka pitani pa `Firmware Upgrade` musankhe fayilo. Ikayamba, chotsani manja. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo rauta imazima n'kuyaka yokha. Magetsi akathima ili m'kati molemba, rauta ikhoza kufa osadzukanso, n'chifukwa chake ku saluni kuja tinaonetsetsa kuti batire la invata ladzaza tisanayambe. Ngati mulibe invata, musayese nthawi yomwe magetsi amakonda kupita kudera kwanu, kapena mvula ya ziphaliwali ikamabwera.

Rauta ya alamu tsopano imatha milungu osaduka. Koma ngati yanu munapatsidwa ndi kampani ya intaneti, musaikemo fayilo nokha. Fimuweya yake nthawi zambiri amatumiza ndi iwowo, ndiye aimbireni muwauze nambala yomwe ikuoneka pa `Firmware Version`.