Levareji si mphatso, lekani kunamiza anthu

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo munthu wina pagulu lathu waika chithunzi cha phindu lomwe akuti wapeza pa malonda a ndalama zakunja, pansi pake n'kulemba kuti: "Ndi levareji ya 1:100, kandalama kako kochepa kamagwira ntchito ngati ka munthu wolemera." Achinyamata n'kuyamba kuombera m'manja, ena kufunsa kuti alembetse bwanji. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti nanga mtengo ukapita kwina zimatha bwanji. Mkulu ameneyu sananame mawu onse ayi, wanena theka la nkhani n'kubisa theka lomwe limaliza anthu. Kwa ine limenelo ndi bodza loipa kuposa bodza lamkunkhuniza.

Nkhani yake ndi iyi. Levareji ndi mwayi womwe broka, kampani yomwe mumadzera pochita malondawa, amakupatsani woti mutsegule malonda aakulu kuposa ndalama zomwe muli nazo. Phindu ndi kuluza zimawerengedwa pa kukula kwa malonda omwe mwatsegula, osati pa ndalama zomwe mwaika. Ndipo mukaluza, ndalama zoyamba kudyedwa ndi zanu, osati za broka.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa anthu amenewa amaopa masamu.

Muli ndi madola 1,000 mu akaunti. Mukagula nawo chinthu cha madola 1,000 popanda levareji, mtengo ukakwera ndi 1 peresenti mwapeza madola 10. Ukatsika ndi 1 peresenti mwataya madola 10. Mugona tulo bwinobwino. Tsopano broka akuti tengani 1:100, kutanthauza kuti pa madola 100 aliwonse a malonda, inu mungoika dola imodzi ngati chikole. Chikole chimenechi ndiye majini. Si malipiro, ndi ndalama zanu zomwe broka wazigwira kuti mukaluza asapwetekeke ndi iyeyo.

Ndiye mwatsegula malonda a madola 50,000. Broka wagwira madola 500 ngati majini, ndipo madola 500 enawo atsala omasuka, omwe pa sikirini amalembedwa kuti Free Margin. Mtengo wakwera ndi 1 peresenti. Kodi 1 peresenti ya 50,000 ndi zingati? Ndi madola 500. Akaunti yanu yachoka pa 1,000 kufika pa 1,500. Apa mpomwe amajambula chithunzi n'kukutumizirani.

Koma mtengo womwewo ukatsika ndi 1 peresenti yomweyo, mwataya madola 500. Theka la ndalama zanu lapita, pomwe msika wangogwedezeka pang'ono chabe. Ndipo pa ndalama zikuluzikulu ngati yuro ndi dola, kusuntha kwa 1 peresenti pa tsiku limodzi si chozizwitsa, makamaka tsiku lomwe banki yaikulu ikulengeza za chiwongoladzanja. Walira mvula walira matope. Simungakonde levareji ikamakuchulukitsirani phindu ka 50, n'kumadabwa ikamakuchulukitsirani kuluza ka 50 komweko.

Sizithera pomwepo, ndipo apa mpomwe pandikwiyitsa kwambiri chifukwa palibe amene amawafotokozera anawa. Pa sikirini pali nambala yotchedwa Margin Level. Imapezeka pogawa ndalama zanu zenizeni zomwe zatsala, Equity, ndi majini yomwe yagwidwa, n'kuchulukitsa ndi 100. Poyamba paja zinali 1,000 kugawa ndi 500, kutanthauza 200 peresenti. Mutataya 500 zija, zatsala 500 kugawa ndi 500, ndiye 100 peresenti. Mabroka ambiri apa mpomwe amakuchenjezani, chomwe amachitcha Margin Call: onjezerani ndalama kapena tsekani malonda ena. Mtengo ukapitiriza kutsika, Margin Level n'kufika pa mlingo womwe broka anaika, tinene 50 peresenti, makina amatseka okha malonda anu. Sakufunsani. Sadikira kuti mudzuke. Pa chitsanzo chathuchi, zimenezi zichitika mukatsala ndi madola 250, kutanthauza kuti mwataya 750, pomwe mtengo wangotsika ndi 1.5 peresenti basi.

Mawa lake mtengo ukhoza kubwerera pomwe unali, n'kukwera monga momwe munaganizira. Munalondola! Koma inu mulibemo. Munthu uja wogula popanda levareji anangoona madola 15 akuchoka n'kubweranso. Inu mwatsala ndi 250, ndipo kuti mubwerere pa 1,000 muyenera kuchulukitsa ndalamazo kanayi. Ndiye mumatani? Mumatsegula malonda aakulu kuposa oyamba aja kuti mubweze msanga, n'kumaliza kotsalako. Levareji imakulandani mpata wodikira, ndipo pa msika munthu wopanda mpata wodikira amaluza ngakhale ataganiza molondola.

Wina anandiyankha kuti vuto n'lakuti 1:100 ndi yochepa, tengani 1:500 kuti majini ichepe. Abale! Pa 1:500, malonda omwe aja a 50,000 afuna majini ya madola 100 okha, n'zoona. Koma mtengo ukatsika ndi 1 peresenti mwataya 500 yomwe ija, chifukwa malonda ake ndi omwewo. Chasintha n'chakuti makina achedwa kukutulutsani, akutsekerani mutatsala ndi madola 50 m'malo mwa 250. Chinanso, ndalama zambiri zikuoneka ngati zomasuka, ndiye mtima ukukuuzani kuti tsegulani malonda ena. Nambala yofunika kuiyang'ana si yomwe broka akulengeza, koma kukula kwa malonda anu onse kugawa ndi ndalama zanu. Mukapeza 50, dziwani kuti msika ukasuntha ndi 2 peresenti molakwika, zonse zatha. Mukapeza 5, pafunika 20 peresenti. Werengerani zimenezi musanadine batani.

Ena amati ndili ndi Stop Loss, lamulo loti malonda atsekedwe okha mtengo ukatsika kufika pomwe ndaika, sindingapse. Ikani ndithu, imathandiza. Koma dziwani kuti imagwira ntchito pokhapokha pali wogula pa mtengo umenewo. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland inachotsa mwadzidzidzi malire omwe inkasunga a mafuranki 1.20 pa yuro imodzi. M'mphindi zochepa mtengo unalumpha, malonda anatsekedwa kutali ndi pomwe eni ake anaika, ndipo anthu ambiri anapezeka kuti ataya zonse n'kutsalanso ndi ngongole kwa broka. Mabroka ena anagwa nawo limodzi. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ku Ulaya la ESMA linalamula kuti anthu wamba asapatsidwe levareji yoposa 1:30 pa ndalama zikuluzikulu, ndi 1:2 pa kiripito, ndalama za pa intaneti zija, litapeza kuti maakaunti a anthu wamba 74 mpaka 89 pa 100 aliwonse amaluza pa malonda amtunduwu. Mukuganiza kuti anachita zimenezi chifukwa cha nsanje? Kuti akukanizeni kulemera?

Inde, umphawi ndi kusowa kwa ntchito zimakankhira achinyamata ku zimenezi, tikudziwa. Koma si chifukwa choti muziwauza theka la masamu.

Ndipo inu odzitcha aphunzitsi, bwanji simuwauza anthu kuti ambiri mwa inu mumalandira kangachepe kwa broka pa malonda aliwonse omwe munthu wolowa kudzera mwa inu watsegula? Malonda akakula, gawo lanu limakula, kaya mwana wa eniakeyo wapindula kaya wapsa. N'chifukwa chake simutopa kutamanda levareji. Chithunzi cha tsiku limodzi labwino aliyense angathe kujambula, ngakhale pa akaunti yoyeserera ya ndalama zabodza. Tionetseni mbiri yonse ya akaunti yanu ya miyezi 12, pamodzi ndi ndalama zonse zomwe munaikamo ndi zomwe munatulutsamo.