Mwatani kodi ndi mankhwala otsuka m'mimbawa?

Abale anzanga a muno mu Mzuzu, makamaka inu amayi ndi atsikana, ngakhale abambo enanso simukusalidwa ayi, lero ndilankhula ndipo amene akwiye akwiye. Khalidwe lomamwa mapiritsi otsegula m'mimba usiku uliwonse ngati chakudya chogonera mwalitenga kuti? Ndani anakuuzani kuti m'mimba mwa munthu mumafunika kutsuka sabata iliyonse?

Sabata yathayi ndinali gadiyani kuchipatala, kudikirira mwana wa mchemwali wanga, mayi wamkulu ndithu wa ana ake, amagulitsa kaunjika mtauni muno. Anagwa pa benchi pake penipeni masana dzuwa likuswa mtengo, miyendo yangoti lefu, mtima ukugunda mosalongosoka, mpaka anzake kuchita kumunyamula. Ena anayamba kale zoti amulodza anzake a bizinesi. Zaufiti zake ziti? Atamuyeza magazi anapeza kuti potaziyamu, mchere uja umathandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito, watsika kufika pa 2.3. Wa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5, ndipo akatsika kupitirira 2.5 madokotala sasekanso, chifukwa mtima utha kusokonekera nkuima nthawi ina iliyonse. Tikufufuza m'chikwama mwake tinapeza timapaketi totha kale ta bisakodilo, mapiritsi otsegula m'mimba aja, ndi ka tiyi kaja amati kochepetsa mimba.

Mmene anayambira ndi mmene ambiri a inu mwayambira. Inali nyengo yozizira ija, mukuidziwa Juni wa kuno, chifunga ndi mvula yowaza, munthu tsiku lonse osamwa madzi koma tiyi wammawa basi, nkhomaliro yake tchipisi kapena sikono ndi fanta atakhala pa benchi, chimbudzi cholipira akuchithawa kuti asunge ndalama, thupi likamuitana iye nkumati ndikapita kunyumba. Akadapanda kudzimbidwa bwanji? Anagula piritsi limodzi la 5 mg, kumwa usiku, mmawa zinayenda. Pamenepo panalibe cholakwa, mankhwalawa ntchito yake ndi imeneyo, amagwira pakatha maola 6 mpaka 12, ndipo papepala lamkati analemba kuti osapitirira masiku 5 osaonana ndi achipatala. Koma mumawerenga pepala limenelo inu? Si mumangotaya pakhomo pa famase pomwepo?

Tsono tamverani pamene pali msampha. Piritsi lija likagwira limakankha zonse za m'thumbo lalikulu, ngakhale zimene zimayenera kutuluka mawa ndi mkuja. Ndiye mawa lake kulibe kanthu, mkuja kulibe kanthu, chifukwa thumbo lili pululu likudikira kuti lidzadzenso, zimatenga masiku awiri kapena atatu. Inu mmalo modikira mwayamba kale kudandaula kuti ndadzimbidwanso, mwamwanso lina. Mwadzimbidwa chani poti mulibe choti chituluke? Ndani analamula kuti munthu azipita kuchimbudzi tsiku lililonse mosaphonya? Wina amapita katatu patsiku, wina katatu pasabata, onsewo ali bwinobwino. Koma ayi, inu mukufuna mmawa uliwonse m'mimba muzipotokola ndiye mtima ukhale pansi. Mwana wathuyu pofika Ogasiti limodzi linali litasiya kumukwanira, anapita pa awiri, kenako anayi, pomwe amagwa anali akumeza asanu ndi limodzi usiku umodzi, kuonjezapo tiyi uja mmawa. Mulingo wa munthu wamkulu ndi limodzi kapena awiri. Asanu ndi limodzi, zoona?

Ndipo chimene chimatuluka mukamathamangira kuchimbudzi kanayi kasanu si zoipa za m'thupi monga amakunamizirani ogulitsa aja ayi. Ndi madzi anu, pamodzi ndi mchere wa m'thupi, potaziyamu, sodiyamu, maginiziyamu. Thupi likaona kuti madzi akutha limayamba kuumira sodiyamu ndi madzi, ndipo pochita zimenezo impso zimatayanso potaziyamu wina mumkodzo, ndiye mukuluza kawiri, kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Choipitsitsa nchakuti thumbo nalonso ndi mnofu, potaziyamu akachepa limafooka, silikankhanso bwino, kudzimbidwa kuja nkukula, inu nkuonjezera mapiritsi, potaziyamu nkutsikiratsikira. Zili ngati ng'ombe ya pangolo imene mwaimana msipu ndi madzi, yafooka, inu mmalo moidyetsa mukungoonjeza chikwapu. Ikagwa mudabwe?

Nthawi zambiri thupi limachenjeza, silimangogwetsa munthu mwadzidzidzi. Mwana wathuyu kwa masabata anali akudandaula kuti minofu ya m'miyendo ikumukoka usiku, akadzuka pampando chizungulire, kukwera kamtunda ka ku Masasa mpaka kupumira panjira, ludzu losatha, mtima nthawi zina kumangoti phaphapha ngati wadzidzimuka. Ankati ndi kutopa ndi ntchito, mwina malungo, nkumagula panado. Panado abwezeretsa mchere m'magazi?

China chimene chinandiwawa kwambiri, mayiyu ali pa mankhwala a BP, ka HCTZ kaja ambiri mumalandira kuchipatala. Kameneko pakokha kamatulutsa potaziyamu mumkodzo. Ndiye taganizani, uku HCTZ, uku bisakodilo, uku tiyi. Ku kiliniki ya BP amapita mwezi ndi mwezi koma sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi kuti akumwa zotsegula m'mimba, eti poti amenewo si mankhwala enieni. Si mankhwala enieni chikugonetsani pa bedi lachipatala nchiyani? Inu amene mumamwa lasikisi wochotsa madzi m'thupi, inu a digokisini wa mtima, inu a puredinisoloni, nkhani yake ndi yomweyi, ndipo kwa a digokisini potaziyamu akatsika mankhwala anu omwewo amasanduka poizoni. Agogo akumwa zonsezi inu nkumawagulira ka tiyi kotsuka m'mimba ngati mphatso, mukufuna muwaphe?

Za tiyi ameneyu ndiye musandiyambe. Mwadzaza nazo ma gulu a pa foni, wina akuti ndi zachilengedwe, zamasamba okhaokha, zilibe kemiko. Tembenuzani paketiyo muwerenge, ambiri mwa matiyi amenewa muli sena, tsamba limene limagwira thumbo chimodzimodzi ngati mapiritsi aja, kungoti mu tiyi simudziwa nkomwe kuti mwamwa wochuluka bwanji. Enanso amene mumagula m'mabotolo a madzi opanda ndi chizindikiro chomwe pa depoti, ena mukumwa madzi owawa achikasu a alovera, ena mafuta a nsatsi. Fodya si tsamba kodi? Chilengedwe chinayamba liti kukhala chitsimikizo choti chinthu sichipha?

Ndipo inu atsikana a m'makoleji ndi inu akwati mukukonzekera ukwati kuti diresi likukwaneni, ndikuuzeni mosabisa, mankhwala amenewa sachepetsa thupi. Chakudya chimalowa m'magazi chikadali m'matumbo aang'ono, pomwe mankhwalawa amakagwira kumapeto, m'thumbo lalikulu, nsima ija italowa kalekale. Sikelo ikatsika ndi kilo imodzi kapena awiri ndi madzi amenewo, mafuta ali pompo. Ku Britain mu 2020 boma linachita kukhwimitsa malamulo a kagulitsidwe ka mankhwala amenewa, kuchepetsa mapiritsi a m'paketi yogula pashelefu ndi kulamula kuti azilembapo poyera kuti sathandiza kuchepetsa thupi, komanso kuti mwana wosakwana zaka 12 asapatsidwe popanda dokotala. Kuno inu mukumwetsa mwana wa sitandade 2 eti m'mimba mwake mwada chifukwa wadya mango ambiri. Mwada mwaonamo?

Kuchipatala kuja potaziyamu anamubwezera kudzera mu diripi, pang'onopang'ono, chifukwa ameneyu sathamangitsidwa, akalowa mwaliwiro amaimitsanso mtima. Magazi kuyeza mobwerezabwereza. Atasiya mapiritsi aja mapazi anatupa, nkhope kutupa, sikelo kukwera, chimbudzi osabwera. Adokotala anali atanena kale kuti zimenezi zichitika, thupi linazolowera kuumira madzi ndiye limapitiriza kwa masiku angapo mwina masabata lisanazindikire kuti chilala chatha, kenako zimaphwa zokha. Apa ndi pamene ambiri amagonja nkubwerera ku mapiritsi, poganiza kuti ayamba kunenepa. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi ndikupeza mnzake wabwera kudzamuona, watulutsa fulasiki, akumuthirira tiyi yemwe uja kuti achotse kutupako! M'chipatala momwemo, diripi ili pamkono! Ndinamulanda nkukakhuthula panja, ndipo mawu amene ndinamuuza sindingawalembe pano.

Musandimve molakwa. Alipo amene achipatala anawalembera kuti azimwa tsiku ndi tsiku, monga odwala khansa amene ali pa mofini, chifukwa mofini amamanga m'mimba. Amenewo apitirize, akuyang'aniridwa. Ine ndikunena inu odzilembera nokha. Ngati mwafika poti simungapite kuchimbudzi popanda piritsi, kapena mulingo wayamba kukwera, pitani kuchipatala mukanene zoona zake, dzina la mankhwala, angati patsiku, kuyambira liti, paketiyo munyamule. Akuyezeni magazi, akuuzeni kasiyidwe kake, alipo mankhwala ena ofewetsa chimbudzi ngati lakitulozi amene angakupatseni podikira kuti thumbo libwerere mwakale. Manyazi ake ati poti anamwino amaona zoposa pamenepo?

Ndipo wina m'mimba mukamupweteka kwambiri, mimba yatupa ngati ya pakati, akusanza, mpweya womwe sukutuluka, musayerekeze kumupatsa zotsegula m'mimba. Kupotokola kwa thumbo kumachitika kwambiri kwathu kuno makamaka kwa abambo, kumafuna opaleshoni, inu mukamakankha ndi mapiritsi thumbo lotsekeka mukuyembekeza chani? Chimodzimodzi bambo kapena mayi wachikulire amene chimbudzi chasintha mwadzidzidzi, mukuoneka magazi, thupi likutha, ameneyo akapimidwe, osati miyezi ikutha mukubisa matenda ndi tiyi.

Chikundinyansa nchakuti tikukhala mu mzinda woti nthochi za ku Nkhata Bay zili mbwee pamsika, mapeyala, mapapaya, nyemba, mpiru, nkhwani, chigwada, zonsezi zofewetsa m'mimba ndipo zambiri mwa izo muli potaziyamu yemweyo mukutaya m'chimbudziyo. Mgaiwa munausiya eti ndi wa anthu osauka, mukufuna ufa woyera mbee wochotsa gaga yense, madzi kumwa mpaka akukakamizeni, kuchoka pa Katoto kufika mtauni mpaka pa kabaza. Kenako ndalama yomwe mukadagula ndiwo zamasamba za sabata yonse mukukapereka kwa mtsikana wa pa foni amene sanaphunzirepo za mankhwala ngakhale tsiku limodzi, ndipo mukadzagwa iyeyo foni adzathimitsa.

Anthu akuluakulu ndevu ndi imvi zomwe, amayi oti muli ndi ana akukuyang'anani, mpaka tizichita kukulondani ngati makanda? Katayeni zimenezo, ndipo wakumva wamva.